Imfa ya Gomani Woyamba: Mmene Mbiri ndi Zopeka Zimasakanikirana m'Mabuku

Pa 27 Okutobala 1896 asilikali a boma la atsamunda adawombera Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse, pakati pa Dombole ndi Chiole m'dera limene lero ndi boma la Ntcheu. Zimenezi palibe amene amatsutsa. Malipoti a Azungu akuvomereza, akuluakulu a kwa Maseko akuvomereza, ndipo manda alipo ku Nkolimbo, kumene Angoni amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano. Koma mukafunsa zimene Inkosiyo idayankhula tsiku limenelo, amene adaimirira pafupi, kapena chimene chidali mumtima mwake, mayankho amayamba kusiyana. Pamene mayankho asiyanira ndi pamene wolemba nthano yaitali ya mbiri amapezera malo ogwirira ntchito.

Wolemba woteroyo saba ndipo sanama, malinga ngati owerenga akudziwa chimene agula. Vuto limabwera pamene zopeka zake zatuluka m'buku, zalowa m'kamwa mwa aphunzitsi ndi olengeza pa miyambo, kenaka n'kubwerera kwa ife zitavala ngati mbiri. Mbiri ya Angoni yakumana ndi zimenezi kangapo, ndipo pali njira zozizindikirira.

Zimene zidakhazikika

Angoni a Maseko adachoka kumwera kwa Afirika pa nthawi ya nkhondo za m'zaka za m'ma 1820, ndipo adayenda ulendo wawowawo, osati pamodzi ndi gulu la Zwangendaba Jere. Motsogozedwa ndi Mputa adakafika mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko adakangana ndi Angoni anzawo, Mputa adafa, ndipo m'bale wake Chidyaonga adabweza anthu kumwera mpaka adakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870. Phiri limeneli lero lili ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Chidyaonga adangosungira mpando mwana wa Mputa, Chikuse, amene adalowa ufumu iye atamwalira. Ndi pa nthawi ya Chikuse pamene asilikali a Maseko adaoloka Shire mu 1884 n'kukathira nkhondo midzi ya kufupi ndi Blantyre.

Chaka cha 1891 chidabweretsa zinthu ziwiri. Choyamba, Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire, ndipo mzere wawo udadula dziko la Maseko pakati. Aliyense amene adaimapo pa msika wa Lizulu amaudziwa mzerewu: kabichi ndi mbatata akugulitsa mbali ino ya msewu ndi ku Malawi, kungodumpha phula wafika ku Mozambique. Chachiwiri, Chikuse adamwalira, ndipo Chifisi, mwana wa Chidyaonga amene ankalimbana naye, adamwaliranso chaka chomwecho. Mkangano udatsalira ana awo, Gomani ndi Kachindamoto. Adamenyana mpaka 1894, ndipo Kachindamoto adakakhazikika kunsi kwa mapiri, ku Mtakataka.

Pofika 1896 Gomani adali atazingidwa ndi zinthu zimene bambo ake sadazione mokwanira. Boma la ku Zomba linkafuna msonkho wa nyumba wa masheleni atatu. Anyamata amene kale akadanyamula zishango ankapita kukagwira ntchito m'minda ya khofi ya Azungu kumapiri a ku Blantyre. Amishoni a Zambezi Industrial Mission, mpingo umene Joseph Booth adauyambitsa mu 1892, adali atamanga ku Dombole, ndipo anthu ena ankathawira kwa iwo. Mu Okutobala asilikali a Gomani adathira nkhondo midzi yozungulira mishoni. Alfred Sharpe, amene ankagwirizira udindo wa mkulu wa boma, adatumiza gulu la nkhondo lotsogozedwa ndi Kaputeni Stewart. Inkosi idagwidwa n'kuphedwa.

Izi ndi zinthu zimene wolemba nthano sangazisunthe popanda kuuza owerenga. Zili ndi zaka, malo ndi mboni zochokera mbali zosiyana. Zina zonse zimene buku lingawonjezere ziyenera kuyezedwa pa zimenezi.

Shaka wa m'mabuku

Kuti tione mmene zopeka zimalowerera m'mbiri, tiyambire kumene nkhani ya Angoni imayambira, kwa Shaka. Ambiri mwa ife tidamudziwa kudzera m'kanema wa mu 1986 amene Henry Cele adasewera ngati Shaka, uja ankaonetsedwa m'timanyumba ta vidiyo m'misika yonse. Koma Shaka wa m'kanemayo ndi mdzukulu wa mabuku angapo, ndipo awiri mwa iwo akutiphunzitsa zinthu zosiyana.

Loyamba ndi Chaka, lolembedwa m'Chisotho ndi Thomas Mofolo wa ku Lesotho. Adalimaliza cha m'ma 1910 koma lidasindikizidwa mu 1925, ndipo lidatuluka m'Chingerezi mu 1931. Mofolo adatenga anthu enieni: Senzangakhona bambo wa Shaka, Nandi mayi wake, Dingiswayo amene adamulera pa za nkhondo, Zwide mdani wake, ndi abale ake Dingane ndi Mhlangana amene adamupha mu 1828. Pakati pawo adaikapo anthu amene adawaumba yekha. Wamkulu ndi sing'anga Isanusi, amene amapatsa Shaka mankhwala a ufumu pomulipiritsa magazi, ndi Noliwa, mkazi wokondedwa amene Shaka amamupha kuti mankhwalawo akhwime. Mofolo ankafuna kuonetsa mmene munthu amagulitsira umunthu wake pofuna mphamvu, ndipo adafuna anthu oti anyamule phunzirolo. Wowerenga watcheru amaona msanga kuti Isanusi si munthu wa m'kaundula: amatulukira pamene Shaka wasowa pogwira, amadziwa za m'tsogolo, ndipo amabwera kudzatenga malipiro ake pa mapeto. Bukuli silibisa kuti ndi nthano.

Lachiwiri ndi Shaka Zulu la E. A. Ritter, la mu 1955. Ili lidagulitsidwa ngati mbiri ya moyo wa Shaka, ndipo kwa zaka zambiri olemba mabuku a sukulu ankatapamo. Muli nkhondo yotchuka ya pa phiri la Gqokli, yofotokozedwa mwatsatanetsatane: magulu a asilikali adaima pati, angati adafa, Shaka adapusitsa bwanji adani. Katswiri wina wa ku South Africa, Dan Wylie, atafufuza maumboni akale, kuphatikizapo zimene James Stuart adalemba kuchokera pakamwa pa akuluakulu a Chizulu, adapeza kuti nkhondoyi monga momwe Ritter adaifotokozera ilibe mboni yakale yoichirikiza. Idayambira m'buku lakelo, kenaka mabuku ena n'kumakopera.

Phunziro lake ndi lakuti kuchuluka kwa tsatanetsatane si umboni. Nthawi zambiri n'chizindikiro chotsutsa. Nkhondo imene idachitika kopanda wolemba aliyense, koma buku likukupatsani chiwerengero chenicheni cha akufa ndi mawu amene mtsogoleri adafuula, pamenepo dziwani kuti wina wadzaza mpata. Ndipo ngakhale mboni zoona ndi maso zili ndi zolinga zawo. Nathaniel Isaacs, mmodzi mwa amalonda achizungu amene adamuonadi Shaka, adalembera mnzake Henry Fynn kalata yomulimbikitsa kuti polemba awaonetse mafumu a Chizulu ngati okonda magazi kwambiri, kuti buku likome. Choncho kusakaniza kudayamba nthano zisadalembedwe n'komwe.

Kwathu kuno

M'Chinyanja, malire a mbiri ndi nthano adali osalongosoka kuyambira pa chiyambi. A Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adalemba Nthondo, limene lidapambana pa mpikisano wa mabuku a zinenero za mu Afirika n'kusindikizidwa mu 1933. Mu 1934 a Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Bukuli lidalembedwa ngati mbiri ya moyo wa munthu, kuyambira kubadwa mpaka ufumu ndi imfa, koma Nthondoyo ndi munthu wopeka. Zoona zake zili m'miyambo, m'kakhalidwe ka pamudzi ndi m'maulendo a anthu opita kukagwira ntchito kunja. Pambuyo pake a Ntara omwewo adalemba za Msyamboza, mfumu yeniyeni ya ku Dowa, ndipo kalembedwe kake n'kofanana: anthu akuyankhulana, mawu ali m'kamwa mwawo ngati kuti wolemba adali pomwepo. Munthu wowerenga mabuku awiriwa mosauzidwa sangadziwe msanga kuti wina adakhalako ndipo wina sadakhaleko.

Chitsanzo china ndi cha George Mwase, amene adalemba za John Chilembwe ali m'ndende ku Zomba cha m'ma 1931 ndi 1932. Mawu otchuka amene ambiri amati Chilembwe adauza anthu ake asanayambe kuukira mu 1915 amachokera m'zolemba za Mwase. Koma Mwase sadali pa msonkhanowo. Adamva kwa mkaidi mnzake, Wallace Kampingo, patapita zaka zoposa 15, ndipo adawalemba m'Chingerezi chakechake. Mwina mfundo yake ndi yoona, koma mawuwo ndi a Mwase. Paja akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Za Angoni a ku Ntcheu, zolembedwa zambiri zidadzera m'bwalo la Inkosi Gomani Wachiwiri, a Philip Gomani, amene adali mwana wamng'ono pamene bambo awo ankaphedwa ndipo adalongedwa ufumu mu 1921. Ndi m'zaka zomwezo za m'ma 1920 pamene Angoni adamanga chipilala pa manda a Gomani Woyamba. Margaret Read, mayi wa ku Mangalande wofufuza za chikhalidwe, adakhala pakati pa Angoni m'zaka za pakati pa 1935 ndi 1939, ndipo buku lake The Ngoni of Nyasaland lidatuluka mu 1956. Adayankhula ndi nkhalamba zimene zidanyamulapo zishango, ndipo n'chifukwa chake bukuli ndi lamtengo wapatali. Koma nkhalambazo zidali za m'mabanja olemekezeka, ndipo zinkakamba patapita zaka 40, pa nthawi imene ufumu unkayesetsa kubwezeretsa ulemu wake pamaso pa boma. Palinso Onani Angoni la a K. D. Philip, ndi Inkosi Gomani II la a D. D. Phiri, la mu 1973. Wolemba nthano wa lero akafuna kulemba za 1896 amatunga m'mabuku amenewa, ndipo amatengera limodzi ndi maganizo a nthawi imene adalembedwa.

Mboni ziwiri za tsiku limodzi

Nkhani ya imfa ya Gomani idatifika kudzera m'njira ziwiri. Njira ya boma imati Inkosi idaphwanya mtendere, idawotcha midzi, idagwira ndi kupha anthu amene adali pansi pa chitetezo cha mishoni, ndipo itagwidwa idaweruzidwa ndi asilikali n'kuwomberedwa. Amene adalemba zimenezi ndi omwewo amene adatumiza asilikali, ndipo ankalembera akuluakulu awo ku London, amene ankafuna kumva kuti zonse zidachitika mwalamulo.

Njira ya Angoni imati Inkosi itagwidwa idauzidwa kuyenda pansi ngati kapolo pamene Mzungu adali pa kavalo. Idayenda pang'ono, kenaka idakana kupitirira, chifukwa mfumu siyendetsedwa chotero m'dziko lake lomwe. Pamenepo adaimangirira ku mtengo n'kuiwombera. Amene adasunga nkhaniyi ndi anthu amene adataya mfumu yawo, ndipo ankafuna kuti ana awo adziwe kuti sidafe mwamantha.

Wowerenga achite monga amachitira mfumu ndi nduna zake pa bwalo la milandu. Sathamangitsa mboni chifukwa ndi m'bale wa wodandaula, koma amafunsa kuti idaima pati, idaona chiyani ndi maso ake, ndipo ipindula chiyani mlandu ukagwera uku kapena uko. Pamene mboni zodana zagwirizana, monga pa malo, pa nthawi ndi pa mfundo yakuti Inkosi idaphedwa ili kale m'manja mwa asilikali osati pa nkhondo, pamenepo mpolimba. Pamene zasiyana, buku labwino limasankha mbali mwapoyera kapena limaonetsa zonse ziwiri. Pamene palibe mboni ndi imodzi yomwe, zonse zimene mukuwerenga ndi za wolemba.

Tiyese mutu umodzi

Tiyerekeze kuti mwagula nthano yaitali yonena za masiku otsiriza a Gomani, ndipo mutu wake wotsiriza ukuyenda motere. Wofotokoza nkhani ndi mnyamata wonyamula mpando wa Inkosi. Kukucha pa 27 Okutobala, chimanga chili chobiriwira m'minda, belu la tchalitchi cha Nzama likumveka patali. Asilikali a Keyala afika ndi kalata yochokera kwa bwanamkubwa wa Nyasaland. Gogo wina akukumbutsa Inkosi mmene dzuwa lidadera tsiku limene makolo ake ankaoloka Zambezi ndi Mputa. Inkosi ikukana kuyenda kumbuyo kwa kavalo, ikukhala pansi, ndipo isanawomberedwe ikulosera kuti tsiku lina zidzukulu zake zidzalanda dzikoli m'manja mwa Azungu.

Mnyamata wonyamula mpandoyo ndi wopeka, ndipo palibe cholakwa. Iyi ndi njira yakale ya olemba nthano za mbiri kuyambira pa Walter Scott wa ku Scotland, amene buku lake Waverley la mu 1814 lidaika mnyamata wopeka pakati pa nkhondo yeniyeni ya mu 1745. John Dube adachitanso chimodzimodzi m'Chizulu mu 1930 polemba za mtumiki wa Shaka. Munthu wamng'ono wotere amalowa paliponse, amamva zonse, ndipo sasokoneza mbiri chifukwa sasintha chilichonse chachikulu. Chofunika kuyang'ana ndi chakuti wolemba asamupatse ntchito imene mbiri idapatsa munthu wina. Ngati mnyamatayo ndiye akupereka Inkosi kwa adani, ndipo wapatsidwa dzina la banja limene lilipo lero kwa Njolomole kapena kwa Kwataine, pamenepo zopeka zasanduka kuneneza anthu.

Tsiku ndi lolondola, koma chimanga chobiriwira chalakwika. Kumapeto kwa Okutobala ku Ntcheu ndi nthawi ya dzuwa loswa mtengo. Minda imakhala yososedwa, utsi wa lupsa uli m'mapiri, fumbi lili m'njira, ndipo chobiriwira chimapezeka m'madimba mokha. Cholakwa chotere n'chaching'ono pa mbiri, koma chimaulula kuti wolemba sadayende m'dera limene akulemba, ndiye muyambe kukayikiranso mitunda ndi njira zimene akutchula.

Belu la Nzama silikadamveka. Ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama, kwa Njobvuyalema, mu 1901, patapita zaka zisanu. Keyala nayonso kudalibe: gulu la King's African Rifles lidakhazikitsidwa mu 1902. Asilikali a mu 1896 adali Asikh ochokera ku India pamodzi ndi Afirika olembedwa ntchito m'dziko momwe muno, pansi pa akuluakulu achingerezi ochepa. Mfundo imeneyi si yongokometsera. Buku limene likuonetsa Azungu okhaokha akumenyana ndi Angoni labisa chinthu chowawa koma choona, chakuti ambiri mwa onyamula mfuti adali anthu akuda. Dzina la Nyasaland ndi udindo wa bwanamkubwa zidabwera mu 1907. Pa nthawi ya Gomani dzikoli linkatchedwa British Central Africa, ndipo mkulu wake adali komishonala.

Za kuda kwa dzuwa ndi kubwereka nkhani ya eni. Kadamsana wa mu Novembala 1835 ndi wa gulu la Zwangendaba, makolo a Angoni a ku Mzimba, Mchinji ndi Chipata, ndipo ndi amene amathandiza akatswiri kudziwa nthawi imene iwo adaoloka Zambezi, chifukwa akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera chobwerera masiku a kadamsana. Amaseko adaoloka paokha. Wolemba amene wawapatsa kadamsanayu wasakaniza maufumu awiri osiyana. Komabe pali chosiyanitsa. Ngati ndi gogo wa m'nkhanimo amene akukhulupirira zimenezo, mwina wolemba akuonetsa mmene nkhani zimasakanikirana m'kamwa mwa anthu. Ngati ndi mawu a wolemba mwini, walakwitsa.

Kukana kuyenda kumbuyo kwa kavalo si kopeka kwa wolembayo. Wakutenga m'mbiri ya pakamwa ya Angoni, ndipo ali ndi ufulu wotsata mbali imeneyo. Wowerenga angodziwa kuti wawerenga mboni imodzi mwa ziwiri.

Ulosi wa pa mapeto ndiwo ufunika kuuyang'anitsitsa kuposa zonse, chifukwa ndi umene anthu adzauloweza pamtima n'kumautchula pa misonkhano. Palibe amene adalemba mawu otsiriza a Inkosi pa nthawiyo m'chinenero chimene idayankhula. Kuwonjezera apo, mawu olosera ufulu wa 1964 ndi maganizo a munthu amene akudziwa kale mmene nkhani idathera. Gomani sankamenyera dziko lotchedwa Malawi. Ankateteza ufumu wa Maseko, ulamuliro wake pa anthu amene ankamuthawa, ndi ufulu wotolera yekha msonkho m'dziko lake. Izi sizichepetsa kulimba mtima kwake, koma ndi zolinga za munthu wa mu 1896. Mofolo nayenso adapatsa Shaka mawu otsiriza olosera kubwera kwa Azungu, ndipo ankalemba Azunguwo atalanda kale dziko la Azulu. Munthu wa m'nthano akayamba kudziwa zimene zidzachitike patapita zaka pafupifupi 70, amene akuyankhula ndi wolemba.

Zimene buku lasiya

Buku likhoza kulondola zaka zonse ndi maina onse koma n'kukhala losaona chifukwa cha zimene lasiya. Ufumu wa Maseko sudali wa anthu ochokera kumwera okhaokha. Ambiri adali Antumba, Achewa, Amang'anja ndi ena amene adagwidwa pa nkhondo kapena adadzipereka, ndipo n'chifukwa chake Chingoni chidatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mayamiko a mafumu ndi m'maina a ziwongo, pamene chinenero cha tsiku ndi tsiku chidasanduka Chinyanja. Nthano imene anthu onse a m'mudzi wa Gomani akuyankhula Chizulu choyera ndi kuvala ngati a m'kanema wa Shaka yatenga chithunzi chake ku vidiyo, osati ku Domwe.

Funsaninso za anthu a m'midzi imene idawotchedwa mu Okutobala uja. Adali ndani, ndipo adathawiranji ku mishoni? Funsani za a kwa Kachindamoto, amene nkhani ya nkhondo ya 1894 amaikamba mwa njira yawo. Funsani za amayi a ku nyumba yaufumu, amene adali ndi mawu pa nkhani za kulowa ufumu. Buku lolembedwa ndi Mzungu wa nthawi ya atsamunda lidzasiya ulemu ndi nzeru za bwalo la Inkosi n'kutsala ndi mikondo yokha. Buku lolembedwa ndi mdzukulu wonyadira likhoza kusiya akapolo ndi midzi yopserera. Onse awiri sadaname pa chiganizo chilichonse, koma aliyense wakupatsani theka.

Kumene mungakayezere

Choyamba kuyang'ana ndi mawu a wolemba kumayambiriro kapena kumapeto kwa buku. Wolemba wokhulupirika amanena anthu amene wawapeka, zaka zimene wazisuntha, ndi kumene adatenga nkhani. Buku limene likungoti zonse ndi zoona popanda kutchula gwero lililonse ndi lofunika kulikayikira kuposa limene lavomera kuti lapeka.

Chachiwiri ndi kusankha zinthu zitatu kapena zinayi zoyezeka, monga chaka, dzina la mishoni, kapena ubale wa mafumu, n'kuziyerekeza ndi buku la mbiri limene limatchula magwero ake. A History of Malawi la John McCracken, la mu 2012, ndi poyambira pabwino, ndipo Ian Linden adalemba mwakuya za Amaseko ku Domwe. Za mudzi wa Chikuse pali mboni yoona ndi maso, Montagu Kerr, amene adafikako mu 1884, ngakhale adaona ndi maso a mlendo wosamva chinenero. Poyerekezapo samalani ndi mabuku amene akungobwerezana. Mabuku asanu onena chinthu chimodzi, onse atakopera kwa Ritter, ndi mboni imodzi.

Amene akufuna kufika pa magwero enieni apite ku nyumba yosungira zolembedwa zakale ku Zomba, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre. Koma adziwe kuti moto umene udawotcha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 udawononga mafailo ambiri a zaka zoyambirira, kotero zambiri za 1896 zidapulumuka m'makalata amene adatumizidwa ku London, m'nyuzipepala ya boma ya nthawiyo ndi m'zolemba za amishoni. Mpata umene wolemba nthano amadzaza pa nkhani ya Gomani Woyamba ndi waukulu pa chifukwa chimenechi.

Mpatawo umachepa nkhani ikayandikira masiku athu. Mu Meyi 1953 Inkosi Gomani Wachiwiri adauza anthu awo kuti asamvere malamulo ena a boma pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma lidawachotsa pa udindo, apolisi adabwera ku Lizulu kudzawatenga, ndipo iwo adaolokera ku Mozambique pamodzi ndi m'busa Michael Scott, kumene Apwitikizi adawagwira n'kuwabweza. Adamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo. Pa nkhani imeneyi pali mafailo a boma, nyuzipepala, buku la Scott mwini la mu 1958, buku la a Phiri, ndi anthu a ku Lizulu amene makolo awo adaona ndi maso. Wolemba nthano akasuntha tsiku kapena kuika mawu achilendo m'kamwa mwa Inkosi, pali ambiri omugwira. Za 1896 omugwira ndi ochepa, ndipo za ulendo wa Mputa ndi ochepetsetsa. Choncho nkhani ikakhala yakale kwambiri koma buku likuifotokoza mosakayika, mpaka mawu ndi maganizo a anthu, wowerenga adziwe kuti gawo la wolemba m'bukumo ndi lalikulu kuposa gawo la mboni, ndipo asanatchule mawu aliwonse ngati a Inkosi, ayambe wafunsa amene adawamva ndi chaka chimene adalembedwa koyamba.